Mmene mungalukire chithunzi cha vuto la mwana wa zaka 12 pamaso pa supavaiza

Wophunzira ntchito ya uphungu wina amene ndinkamuyang'anira ngati supavaiza wake anabwera tsiku lina ndi fayilo yonenepa, masamba 7 olembedwa mbali zonse. Anandiwerengera zonse: mmene mwanayo anabadwira, katemera amene analandira, ntchito ya bambo ake, malikisi a mayeso ake. Atamaliza ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ndiye n'chifukwa chiyani mtsikanayu sanapite kusukulu lero m'mawa?" Anangoti kukamwa yasa. Mfundo anali nazo zodzadza dengu, koma panalibe ulusi wozilumikiza.

Ulusi umenewo ndi umene pantchito timautcha fomyuleshoni. Dzina la matenda limakuuzani gulu limene vuto la mwana lagwera. Fomyuleshoni imayankha mafunso ena: bwanji mwana ameneyu, bwanji vuto limeneli, bwanji panopa, nanga bwanji silikutha? Kuyang'ana thupi, maganizo ndi anthu omuzungulira nthawi imodzi ndi njira imene dokotala George Engel anaifotokoza mu 1977 m'magazini ya Science, podandaula kuti madokotala ankaona chiwalo chodwala n'kuiwala mwini chiwalocho. Kwa mwana wa zaka 12 njirayi ndi yosazembeka, chifukwa thupi lake likusintha, nzeru zake zili pakati pa umwana ndi ukulu, ndipo pafupifupi chilichonse cha moyo wake chimadalira zimene akuluakulu asankha.

Nditsatira nkhani ya mtsikana ameneyu mpaka kumapeto. Zina ndazisintha kuti asadziwike.

Gawo loyamba: nenani vutolo m'ziganizo ziwiri

Musanakumane ndi supavaiza, lembani vutolo ngati chinthu chimene munthu angachione ndi kuchiwerenga. Wophunzira wanga analemba kuti "mwana wa nkhawa ndiponso wosamvera." Amenewo ndi maweruzo, ndipo "kusamvera" anali mawu a bambo a mwanayo. Tinakonza motere: mtsikana wa zaka 12 wakhala akumva kupweteka m'mimba, mozungulira mchombo, m'mawa wa masiku a sukulu kwa milungu 8. Pa masiku 25 a sukulu apitawa wapitako masiku 6 okha, ndipo akaloledwa kukhala pakhomo ululu umatha isanakwane 9 koloko.

Ziganizo ziwirizi zili kale ndi nthawi, kuchuluka kwake, ndi chimene chimaziziritsa vutolo. Manambalawo mudzawafunanso pakatha mwezi, poona ngati thandizo likugwira.

Lembaninso pambali amene akuona kuti pali vuto, ndi vuto lanji. Apa mayi ankati ndi matenda a m'mimba amene madokotala akulephera kuwapeza, bambo ankati ndi ulesi, aphunzitsi ankati ndi kujomba, ndipo mwini wakeyo ankangoti, "M'mimba mukupweteka basi."

Gawo lachiwiri: onani ngati mwamva mbali zonse, ndipo thupi musalidumphe

Pamsinkhu uwu mumafunika mawu a anthu atatu: kholo, sukulu ngati makolo avomera, ndi mwanayo ali yekha. Wophunzira wanga anali atacheza ndi mtsikanayu kawiri, koma ulendo uliwonse mayi ake ali pampando wapafupi. Mwana wa zaka 12 amene akuopa kuti mayi ake amwalira sanganene zimenezo mayi akewo akumva. Mupempheni kholo mwaulemu kuti lidikire panja kwa mphindi 15 kapena 20, ndipo muuzeni mwanayo poyambirira penipeni kuti zimene anene muzisunga, kupatula ngati iye kapena munthu wina ali pangozi. Pamenepo ndi pamene mumafunsa mosazungulira za kumenyedwa, kugwiridwa mosayenera, kuvutitsidwa ndi anzake, ndi maganizo odzivulaza kapena odzipha. Kufunsa sikumudzala maganizowo m'mutu. Yankho lililonse lodetsa nkhawa pamenepa silidikira tsiku la supavishoni, mumalifikitsa kwa supavaiza tsiku lomwelo.

Mafomu oyezera amathandiza, koma ndi mboni chabe. SDQ, fomu yoyezera khalidwe ndi maganizo a mwana imene Robert Goodman anaitulutsa mu 1997, ili ndi mafunso 25, ndipo mwana woyambira zaka 11 angathe kudziyankhira yake, kholo ndi mphunzitsi n'kuyankhanso zawo. Mayankho atatuwo akasiyana musawaphatikize kuti mupeze apakati. Kusiyanako ndiye nkhani. Kwa mtsikanayu mphunzitsi sanaone vuto lililonse la m'maganizo, chifukwa m'kalasi anali wofatsa, pamene fomu ya mwini wakeyo inaonetsa nkhawa yambiri.

Za thupi, anthu a uphungu timakonda kuthamangira kunena kuti "ndi maganizo chabe." Ululu wa m'mimba umene ukubwera pamodzi ndi kuwonda, kutentha thupi, kusanza kosalekeza, magazi m'chimbudzi, kapena umene umamudzutsa mwana kutulo, ndi wa dokotala choyamba. Mtsikanayu analibe zimenezi, ndipo dokotala anali atamuona kale. Koma wophunzira wanga sanafunse za tulo, ndiponso, pochita manyazi poti ndi mwamuna, sanafunse za msambo. Malo awiriwo tinawalemba kuti "sitinafunse", osati "palibe vuto". Mawu awiriwa amasiyana kwambiri, ndipo mafayilo ambiri amawasokoneza.

Gawo lachitatu: jambulani mzere wa nthawi

Pepala limodzi, mzere umodzi kuchokera pa kubadwa kufika lero. Pamwamba pa mzere ikani zochitika m'banja ndi kusukulu, pansi ikani zizindikiro. Sizitenga mphindi 10, koma zimaulula zimene masamba 7 abisa. Pa mzere wa mtsikanayu panaoneka kuti ali ndi zaka 6 analira kwa mwezi wathunthu poyamba sukulu, kenako anazolowera. Milungu 10 yapitayo mayi ake anakomoka pakhomo iye ali m'kalasi, ndipo anagonekedwa m'chipatala masiku 9. Mwanayo anabwera kuchokera kusukulu n'kupeza chitseko chotseka. Patangotha masiku ochepa mayi atatuluka, ululu wa m'mimba unayamba. Zonsezi zinali kale m'fayilo, koma kudwala kwa mayi kunali patsamba lachisanu pansi pa mutu wa mbiri ya banja, kutali ndi ululu umene unali patsamba loyamba.

Gawo lachinayi: dzadzani tebulo, koma musalikhulupirire kwambiri

Tebulo lodziwika lili ndi mizere itatu, ya thupi, ya maganizo ndi ya anthu omuzungulira, ndi madanga anayi. Ine ndimawafotokoza ngati moto. Danga loyamba ndi nkhuni zouma zimene zinaunjikana kalekale, zinthu zimene zinamupangitsa mwanayu kukhala wosavuta kugwidwa ndi vutoli. Lachiwiri ndi machesi, chimene chinayatsa. Lachitatu ndi mphepo imene ikukolezera moto lero. Lachinayi ndi madzi amene ali pafupi, zonse zimene zikumuteteza.

Kwa mtsikanayu nkhuni zinali mtima wake wamantha kuyambira ali wamng'ono, mayi amene nawonso ndi ankhawa, ndi chizolowezi cha m'banjamo chosakambirana za matenda pamaso pa ana. Machesi anali kukomoka kwa mayi. Madzi anali ochuluka ndithu: amakhoza bwino masamu, ali ndi mnzake wapamtima mmodzi m'kalasi, makolo onse awiri anabwera kuchipatala ngakhale samagwirizana, ndipo mwanayo anagonjetsapo mantha ofanana ndi awa ali ndi zaka 6.

Cholakwa chofala n'kufuna kuti kabokosi kalikonse mwa 12 kakhale ndi kanthu. Kabokosi kopanda kanthu kali bwino kuposa kodzadza ndi zopeka. Cholakwa china n'kukangana kwa theka la ola ngati nkhawa ya mayi ikhale pa thupi, poti imatha kuyenda m'magazi, kapena pa anthu omuzungulira, poti mwana amaonera. Ikani paliponse, kapena ponse pawiri, mupitirire. Chofunika kwambiri ndi kuika chizindikiro pa mfundo iliyonse chosonyeza kumene yachokera: mwaona nokha, wina wakuuzani, kapena mukungoganiza. Supavaiza akafunsa kuti "mwadziwa bwanji?", yankho likhale papepalapo.

Gawo lachisanu: jambulani mivi

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili, ndipo ola la supavishoni lithere kwambiri pano. Tebulo limakuuzani zimene zilipo. Mivi imakuuzani chimene chikukankha chinzake. Yambani ndi danga la mphepo, chifukwa nkhuni zakale simungazichotse ndipo machesi anazima kale, koma zimene zikukolezera vuto lero mungathe kuzisintha.

Njira yosavuta ndi kutenga m'mawa umodzi weniweni, osati "nthawi zambiri", n'kuutsatira mphindi ndi mphindi. Tinatenga Lachiwiri la mlungu umenewo. Mtsikanayu anadzuka atatopa. Atangoona yunifomu, maganizo anamubwerera akuti akachoka mayi agwanso ndipo sadzawapeza. Mtima unathamanga, m'mimba munapota. Ululuwo ndi weniweni, chifukwa ubongo ndi matumbo zimalumikizana ndi mitsempha, ndipo mantha amasintha kayendedwe ka matumbo. Anauza mayi. Mayi, amene akuopa kuti madokotala aphonya matenda ena, anamugoneka pampando n'kumufunditsa. Bambo anakalipa, mayi anamuikira kumbuyo, bambo anamenyetsa chitseko n'kupita kuntchito. Nthawi yoyambira sukulu itadutsa, mantha anatsika ndipo ululu unatha.

Tsopano onani zimene m'mawa umenewo waphunzitsa munthu aliyense. Mwana waphunzira kuti kukhala pakhomo kumachotsa ululu, ndiponso kuti mayi sanagwe chifukwa iye analipo. Sapeza mpata woona kuti mayi akanakhala bwinobwino ngakhale iye atapita. Mayi aphunzira kuti kumugoneka kumamuchiza. Bambo atsimikiza kuti ndi bodza, poti pofika masana mwana akuseka. Ndipo tsiku lililonse lojomba likuwonjezera ntchito ya m'kalasi imene watsalira nayo ndi mafunso a anzake akuti "unali kuti?", choncho mawa lake chipata cha sukulu chimaoneka chachitali kuposa dzulo. Muvi womaliza ukubwerera pa woyamba. Ngati pachithunzi chanu palibe mivi yozungulira chotere, mwafotokoza mmene vuto linayambira koma simunafotokoze chifukwa chake lilipobe.

Pojambula, samalani msinkhu. Mwana wa zaka 12 amadziwa kale kuti imfa ndi yosabwerera ndipo angathe kulingalira zinthu zimene sizinachitike, koma kuyeza kuti ngoziyo ndi yaikulu bwanji kumamuvutabe. Kumamatira mayi pa zaka 3 si nkhani. Pa zaka 12, pamene anzake ayamba kukokera kwa anzawo, ndi chizindikiro.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: lolani supavaiza achigwedeze chithunzicho

Perekani nkhaniyo mwachidule, mphindi 5 zikwana: vuto, mzere wa nthawi, mivi, ndi funso limodzi limene mukufuna thandizo. Kenako ntchito ya supavaiza si kukuombereni m'manja, koma kufunsa chimene chingasonyeze kuti mwalakwa.

Wophunzira wanga anakondwa kwambiri ndi chithunzi chathu. Anati, "Mayi, apa zaoneka, ndi nkhawa yosiyana ndi kholo." Ndinamufunsa kuti ngati zili choncho, chichitike n'chiyani mayi akamuperekeza mpaka m'kalasi n'kukhala naye? Anayankha kuti mantha ayenera kuchepa. Titabwerera m'fayilo tinapeza kuti mayi anayesapo zimenezo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri mwanayo anakanirira pachipata ngakhale mayi atalonjeza kuti sachoka. Mfundo imeneyi sinkagwirizana ndi mivi yathu. Mfundo yokana kulowa m'chithunzi musaitaye, nthawi zambiri ndi imene ili ndi nkhani yotsala.

Apa kafukufuku wa Christopher Kearney ndi Wendy Silverman amathandiza. Iwo anaonetsa kuti ana amakana sukulu pa zifukwa zinayi: kuthawa zinthu za pasukulu zimene zimawadzetsa mantha, kuthawa maso a anthu ndi kuyesedwa pagulu, kufuna kukhala pafupi ndi kholo, ndi kufuna zosangalatsa za kunja kwa sukulu. Mwana mmodzi angakhale ndi zifukwa ziwiri nthawi imodzi. Ife tinali titaona chachitatu chokha.

Tinagwirizana kuti wophunzira wanga acheze ndi mtsikanayu payekha, namwino wamkazi ali pomwepo, ndipo afunse mafunso awiri aja amene anawadumpha. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mwanayo anakhala chete nthawi yaitali, akupotokola mpendero wa diresi, kenako anayang'ana namwino n'kunena chapansipansi kuti, "Ndinadetsa yunifomu, anyamata anaona." Anali atayamba msambo miyezi 5 yapitayo, umabwera wambiri, ndipo zimenezi zinachitika mlungu umene mayi anali m'chipatala. Sanauze aliyense. Za tulo, ankagona cha m'ma 12 koloko usiku chifukwa ankadzuka kukamvetsera ngati mayi akupuma, ndiye kuti maola 6 okha, pamene ana a zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12. Dokotala atayeza magazi anapeza himogulobini ya magalamu 10.8 pa desilita. Bungwe la WHO limati pa zaka 12 mpaka 14 magazi achepa ikatsika pansi pa 12. Mzere wa thupi, umene unali pafupifupi wopanda kanthu, unadzadza: kutaya magazi, kuchepa kwa magazi, kusagona, kutopa kumene kumapangitsa mantha kukhala ovuta kupirira.

Supavishoni ili ndi mbali inanso imene tebulo silionetsa, ndiyo inu mwini. Ndinamufunsa wophunzira wanga mmene amamvera akakhala ndi bambo aja. Anavomera kuti amamukwiyitsa, ndipo ndi chifukwa chake m'tebulo anawaika pa mphepo pokha. Koma bamboyo ndi yekhayo m'nyumbamo amene ankakhulupirira kuti mwana wake angathe kubwerera kusukulu. Njira yake inali yolakwika, cholinga chake chinali chimene ifenso tinkafuna. Tinawalembanso pa danga la madzi.

Gawo lomaliza: lembani ndime imodzi, ndipo thandizo lichokere m'mivi

Fomyuleshoni yomaliza ikhale ndime imene mnzanu wa pantchito angaiwerenge m'mphindi imodzi. Yathu inali motere:

"Mtsikana wa zaka 12, wamantha chibadwire ndipo woleredwa ndi mayi ankhawa, anayamba kumva ululu wa m'mimba ndi kukana sukulu pambuyo pa zinthu ziwiri zimene zinachitika nthawi imodzi: kudwala mwadzidzidzi kwa mayi ake iye ali kusukulu, ndi manyazi a kudetsa yunifomu pamaso pa anzake. Akukhulupirira kuti akachoka mayi adwalanso, ndiponso kuti akabwerera asekedwa. Kukhala pakhomo kumachotsa mantha onse awiri msanga, choncho kukupitirira, mothandizidwa ndi kusagwirizana kwa makolo m'mawa, kusagona, kuchepa kwa magazi ndi kutsalira m'maphunziro. Palibe chosonyeza nkhanza kapena maganizo odzivulaza. Akutetezedwa ndi makolo odzipereka, mnzake wapamtima, kukhoza bwino m'kalasi, ndi kuti anagonjetsapo mantha otere kale."

Dzina la matenda, ngati likufunika, libwere pambuyo pa ndimeyi. Buku la DSM-5, limene limaika matenda a m'maganizo m'magulu, limafuna kuti nkhawa yosiyana ndi kholo ikhale itatenga milungu 4 kapena kuposa kwa ana, ndipo apa inali itapitirira, koma dzinalo palokha silikanatiuza kanthu za yunifomu kapena za magazi.

Kenako gwirani muvi uliwonse n'kufunsa kuti adule ndani, ndipo liti. Kuchepa kwa magazi ndi msambo wambiri zinapita kwa dokotala. Chikhulupiriro cha kudwala kwa mayi chinafuna kuti mayi, mothandizidwa, amufotokozere mwana matenda awo enieni ndi mankhwala amene akumwa, zimene panali pasanachitike. Kusukulu, mwanayo atavomera, mphunzitsi wamkazi mmodzi anauzidwa, ndipo anagwirizana kuti mwanayo azituluka kupita kuchimbudzi osapempha pagulu ndiponso azisunga mapadi m'chikwama. Makolo anagwirizana mawu amodzi a m'mawa: kuvomereza kuti m'mimba mukupwetekadi, n'kunena modekha kuti sukulu apita. Bambo ndi amene anasankhidwa kumuperekeza, chifukwa kusiyana ndi mayi pakhomo kunali kosavuta kuposa kusiyana nawo pachipata. Kubwerera kunayamba mlungu womwewo, ola limodzi la masamu kwa masiku awiri, kenako theka la tsiku, kenako tsiku lonse m'mlungu wachitatu. Kudikira kuti mantha athe kaye kumangotalikitsa chipata chija. Chinthu chilichonse m'dongosolo chimene simungathe kuchilozera ku muvi winawake, chichotseni.

Musanatseke fayilo, ifotokozereni banja fomyuleshoniyo m'mawu wamba, kuyambira ndi mwanayo, amene ayenera kuvomera zimene zingauzidwe makolo. Wophunzira wanga anamujambulira mivi yozungulira ija papepala n'kumufunsa kuti, "Pamenepa ndalakwitsa pati?" Mtsikanayo anatenga cholembera n'kufufuta muvi umodzi. Anati sadera nkhawa za ntchito ya m'kalasi, chimene akuopa ndi funso la anzake. Choncho anakonzera limodzi yankho lalifupi loti azinena akafunsidwa kumene anali.

Tinaika tsiku lobwereranso ku chithunzicho pakatha milungu 4. Tsikulo litafika, pa masiku 20 a sukulu anali atapita 15, ndipo mwa 5 amene anajomba, atatu anali Lolemba. Ndinamupempha wophunzira wanga kuti atenge Lamlungu limodzi madzulo, alitsatire mphindi ndi mphindi monga tinachitira ndi Lachiwiri lija, ndipo abwere ndi pepala latsopano.